Chaka Chimene Sopo wa Mayi Vlasta Anasiya Kuchita Thovu

Marcella Vopat anabwerera kwawo ku Kansas nthawi yokolola tirigu, kudzathandiza kusamutsa mayi ake. Mlongo wake Delbert ndiye anamuimbira foni ku Seattle: malo apezeka kunyumba yosungira okalamba m'tauni, amayi avomera okha popanda wowakakamiza, ndipo Loweruka achoka pafamu. "Ngati pali kanthu kamene mukufuna kutengako, achemwali, bwerani msanga. Zotsala tigulitsa."

Delbert anakamutenga pasiteshoni ya basi ndi pikiapu yake yonunkha dizilo. Marcella anakhala maso ali pawindo, akuona zimene zinasowa. Holo imene makolo ake anavinamo pa ukwati wawo inali itasanduka nyumba yosungiramo feteleza. Sukulu inatsekedwa. Mizati yamiyala ya m'mphepete mwa minda, imene agogo awo anasema okha m'thanthwe poti dziko lija lilibe mitengo, ina inali itazulidwa n'kugulitsidwa kwa anthu a m'mizinda kuti azikongoletsera pakhomo. Zaka zonse zimene anakhala ku Seattle, akukonza zolakwika m'mabuku a ana asukulu asanasindikizidwe, Marcella ankanyoza kwawo ndi pakamwa, koma mumtima anakusunga monga anakusiyira. Tsopano zinamuwawa kuona kuti sikunamudikire.

"Mwakalambatu, achemwali," anatero Delbert.

"Iwe wanenepa. Chiwongolero ukuchigwira ndi manja kapena ndi mimba?"

"Ndi makeke a makolache amene amaphika mkazi wanga Norma amenewa. Inu kwanuko mumadya mapepala."

"Amayi ali bwanji kwenikweni?"

Delbert anakankhira chipewa kumbuyo, n'kukanda pachipumi. "Kuyenda akuyenda. Kudya akudya. Koma mutuwu. Mukaona zovala zawo mumvetsa. Nsalu za paguwa anawalanda chaka chatha."

Marcella anatembenuka. Nkhani imeneyo palibe anali atamuuza.

Mayi awo, Mayi Vlasta, anayamba kuchapa nsalu za paguwa la tchalitchi chawo Marcella asanabadwe. Sopo ankaphika okha chaka chilichonse akapha nkhumba: mafuta osungunula, soda woyabwa uja amati kositiki, kutakasa mumphika waukulu mpaka zitalimba, kenako kudula zidutswa ndi waya. Nsalu zawo zinkayera mpaka kuthobwa m'maso. Ansembe ankabwera ndi kupita, ena oledzera, ena oyera mtima, koma nsalu zinali za Mayi Vlasta. Ndiye, malinga ndi Delbert, zaka ziwiri zapitazo zinayamba kutuwa. Zinkabwera kutchalitchi zolimba ngati chikopa, zikununkha mafuta ogonera. Amayi a bungwe la paguwa anapirira miyezi ingapo, kenako anazipereka kwa Leona Pasek, amene amangoziponya m'makina ndi ufa wochapira wa m'sitolo n'kupita kukaonera wailesi yakanema.

"Kuchokera pamenepo ku Misa sapitanso," anatero Delbert. "Amati miyendo."

Anawapeza atakhala pakhonde akusadza nandolo. Marcella atawakumbatira, tsaya lake linakhudza tsitsi lawo, ndipo linali lonyata. Tsitsi limene kale linkanyezimira, limene ankalitsuka Loweruka lililonse n'kuliyanika padzuwa ngati chinthu chogulitsa, tsopano linali lofooka, lomatana. Epuloni yawo inali ya mtundu wa phulusa.

"Waonda," anatero mayi ake. "Mwamuna wako wa ndevu uja anakusiya ndithu?"

"Ndinamusiya ndine, Amayi. Kalekale."

"Ndinakuuza tsiku lomwe unabwera naye. Munthu wodya msuzi osavula chipewa."

Madzulo onsewo Marcella anawamvetsera ngati mmene amawerengera tsamba, kufuna pamene palakwika. Sanapeze. Ankadziwa mayina a zidzukulu za anansi, amene anakwatira mwana wa yani, munda umene unakokoloka chaka cha chigumula. Anamudzudzula kuti akusenda mbatata ngati munthu wolemera. Mutu wotha sukhala choncho.

Atatha kudya, Marcella anafunsa mosazungulira. "Amayi, mwavomera bwanji zopita kumeneko? Inu munkati kumeneko ndi kodikirira bokosi."

Mayi Vlasta anaimirira, n'kumukodola kuti awatsatire kuchipinda chapansi, kosungira mabotolo a zipatso. Kumeneko mashelefu awiri anali odzaza sopo, mulu pamwamba pa mulu, wina woyera, wina wachikasu, wina atauma mpaka kung'aluka.

"Yenseyu ndi wa zaka ziwiri zokha," anatero. "Ndaphika, ndaphikanso. Ndawonjezera soda. Ndachepetsa soda. Ndasungunula mafuta kawiri, ndasefa ndi nsalu yatsopano. Ndagula mafuta kwa anansi athu a Soukup poganiza kuti nkhumba za Delbert zikudya zoipa. Palibe thovu. Ndikathira sopo wambiri, zimangoyandama zotuwa ngati chambiko." Anatola chidutswa chimodzi n'kuchitembenuza m'manja. "Ntchito imeneyi ndinkaichita osaganiza n'komwe, mwana wanga. Pali china chake chimene ndaiwala, ndipo sindikudziwa kuti ndi chiyani. Ndicho chikundiopsa. Lero ndi sopo. Mawa ndidzaiwala moto, ndidzawotcha nyumba ya bambo ako. Bola ndipite ndidakali wodziwa dzina langa."

"Bwanji osangogula ufa wa m'sitolo?"

Anamuyang'ana ngati watukwana. "Nsalu yopukutira chikho cha Ambuye, ndiichape ndi ufa wonunkhira maluwa abodza? Za Leona zimenezo."

M'mawa mwake Marcella anatsitsa makatani a pabalaza kuti awachape asanawapinde. Pakhomo paja lamulo la madzi aliyense ankalidziwa asanadziwe kuwerenga. Mpope wa kukhitchini unkachokera kuchitsime: madzi akumwa ndi ophikira, ozizira, okoma. Mpope wa m'kanyumba kochapira unkachokera kuthanki yapansi, imene bambo awo anakumba ndi kumanga kuseri kwa nyumba kuti izilandira mvula ya padenga. Amenewo anali ochapira ndi otsukira tsitsi basi. Tsiku lina Marcella ali mwana anathirira nawo tomato, ndipo anakwapulidwa.

Kanyumbako kanali momwe anakasiyira, kokhako kosasintha m'dera lonse. Makina akale ofinya zovala ndi mipukutu iwiri, mabafa a malata, fungo la simenti yonyowa. Anavundukula mphika wamkuwa wotenthetsera madzi, n'kuima. M'kati mwake munali nkhoko yoyera, yokhakhala, yomata ngati ya m'ketulo ya kukhitchini. Anaikanda ndi chikhadabo. Mphika uja anautsuka ubwana wake wonse, ndipo sunakhalepo ndi zoterozo. Mvula siisiya miyala.

Anatsegula mpope, anadzaza bafa, anapalira sopo wa mayi ake ndi mpeni n'kuvundula ndi dzanja. Madzi anachita mkaka, kenako pamwamba panayamba kusonkhana timibulu totuwa, tonyata, tikumata m'mbali mwa bafa ndi pa ubweya wa pamkono wake. Thovu ayi.

Tsamba lofotokoza zimenezi analidziwa. Linali m'buku la sayansi la ana a sekondale, ndipo analikonza kangapo konse, nthawi iliyonse bukulo likamasindikizidwanso. Ankadziwa pamene panali mpumiro wosafunika. Ku Seattle madzi amachokera kumapiri a chipale, ofewa ngati mvula, moti tsambalo kwa iye linali nkhani ya anthu ena.

Anatuluka n'kuzungulira kuseri. Paipi ya padenga inali ikulowabe pansi monga kale. Chivundikiro cha thanki chinali chachitsulo, cholemera moti mayi wokalamba sakanachiyesa n'komwe. Marcella anachikankha ndi chitsulo chozulira misomali mpaka chinasuntha. Anasuzumira. Mpweya wozizira unamuomba kumaso. Thanki inali yopanda kanthu, kupatula timadzi tochepa pansi penipeni, ndipo m'khoma munali mng'alu woyambira pafupi ndi pansi kukwera m'mwamba.

Pamenepo anakumbukira foni ija. Linali tsiku la ntchito yambiri, mapepala ali mbwee patebulo. Delbert anati thanki yang'aluka, ikutaya madzi, womanga wodziwa ntchito yotero ali kutali, nanga titani? Iye, cholembera chili kukamwa, anati: "Lumikiza mpopewo kuchitsime. Usawauze, angokuvutitsa. Madzi ndi madzi." Anaika foni pansi akudziona ngati mwana wosamala makolo.

Anamangirira chingwe pa ndowa, natunga timadzi ta pansi tija. Anatisiya pamthunzi kuti tidikhe. Kenako anayenda kupita kumunda.

Delbert anali ataimitsa makina okolola m'mphepete mwa tirigu, akumwa khofi wa m'fulasiki. Anamvetsera, maso ali pa mitambo ya kumadzulo.

"Ndinalumikiza pansi pa simenti," anatero. "Paipi ya padenga ndinaisiya dala kuti asaone kusintha. Si zimene munandiuza?"

"Ndi zimene ndinakuuza."

"Ndiye vuto lili pati? Norma amachapa ndi madzi a pachitsime. Chitsime chathu ndi cha amayi n'chimodzimodzi, thanthwe lomwelo. Taonani shatiyi. M'mawa inali mbee."

"Norma sachapa ndi sopo."

"Nanga amachapa ndi chiyani, shuga?"

Marcella anakhala pa tayala. "Tamvera, mutu waukulu iwe. Sopo ndi tinthu ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi mchira wamafuta ndi mutu wokonda madzi. Mchira umagwira litsiro, mutu umalikokera m'madzi. Ntchito yake ndi imeneyo. Tsono madzi a pachitsime adutsa m'miyala ya laimu, yomwe ija agogo ankasema mizati, ndipo asungunula kashiyamu wa m'miyalamo. Sumuona, sumumva pakamwa. Koma kashiyamuyo akapeza mitu ya sopo amaigwira iwiriiwiri, n'kupanga mchere wina umene susungunuka m'madzi. Ndi zotuwa zoyandama zija. Sopo sangachite thovu mpaka kashiyamu yense wa m'bafamo atakhuta. Amayi akawonjezera sopo, akuwonjezera zotuwazo. Akati atsukuluze, madzi atsopano abwera ndi kashiyamu watsopano, agwira sopo wotsala mu ulusi momwemo. Nsalu iliyonse imatuluka itapakidwa phula."

"Nanga ufa wa Norma?"

"Uli ndi mchira wofanana, koma mutu wake ndi wina, anaupanga kufakitale ndi sulufule. Kashiyamu saugwira molimba. Zimene apanga awiriwo zimakhalabe zosungunuka, zimapita ndi madzi. Komanso m'katoni muja amathiramo mankhwala ena omanga kashiyamuyo manja asanayambe chipongwe. N'chifukwa chake iwe wakula mpaka kumera imvi osadziwa kuti madzi ako ndi otani. Unayamba wachapapo sokosi m'moyo mwako?"

Delbert anataya khofi wotsala pa ziputu.

"Ndiye mutu wawo uli bwino," anatero.

"Kuposa wako ndi wanga."

"Musawauze."

"Wati chiyani?"

"Musawauze, achemwali. Malo aja tawadikira kuyambira nyengo yozizira. Mukawauza akana kupita. Inu Lamlungu mukwera basi, mubwerera ku mapepala anu. Adzatsala ndani? Akadzagwa pamasitepe apansi paja, wodzawatola ndani? Ine ndimadutsa pakhomo paja m'mawa uliwonse kuona ngati utsi ukutuluka. Inu mumatumiza khadi pa Khirisimasi."

Zimene ananena Delbert zinali zoona kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

"Akuganiza kuti apenga, Del."

"Ndikudziwa."

"Zaka ziwiri."

"Ndati ndikudziwa!" Anakwera makina ake n'kuwaliza, kuti asamvenso.

Masana Norma anabwera ndi makatoni olongedzera katundu, mbale ya makolache a maapurikoti ndi paketi ya ufa wochapira. "Makatani aja ndipatseni ine, alamu," anatero. "Ndikawapititsa kawiri m'makina anga ayera. Zovala za amayi ndimafuna kumawachapira, koma amandithamangitsa ngati ndabwera kudzaba nkhuku." Delbert anafika pambuyo, anasamba m'manja kukhitchini, nakhala pansi osayang'ana munthu.

Atadya, Marcella anatsikira kuchipinda chapansi n'kubwera ndi mabotolo atatu opanda kanthu ndi chidutswa cha sopo. Awiri anakawathira madzi a pampope wa m'kanyumba kochapira. Lachitatu anathira a m'ndowa ija. Anawaika patebulo pakati pa mbale.

"Achemwali," anatero Delbert motsitsa mawu.

"Ndi masewera anji amenewa?" anafunsa Mayi Vlasta.

Marcella anapalira sopo pang'ono m'botolo loyamba, anatseka, nakhutchumula. Madzi anatuwa, timibulu tinakwera pamwamba. Mayi ake anayang'ana kumbali. M'botolo lachiwiri anathira kaufa ka Norma. Atakhutchumula, thovu linadzaza mpaka kukhosi kwa botolo, madzi a pansi ali oyera.

"Wabwera kuchokera ku Seattle kudzandionetsa zimenezi?" Mawu awo anali owuma. "Ndikudziwa kuti Leona wapambana. Tchalitchi chonse chikudziwa."

"Ili khutchumulani nokha, Amayi." Anapalira sopo yemweyo m'botolo lachitatu, natseka, n'kuliika m'manja mwawo.

Anakhutchumula kamodzi mwaulesi, kuti amusangalatse. Kenako anaima. Anakhutchumulanso, ndi manja awiri tsopano. Thovu linakwera loyera, lothithikana, lonenepa ngati kirimu, ndipo silinagwe. Analiyang'ana m'kuwala kwa pawindo. Anatsegula botolo, anaviika chala, natikita ndi chala chachikulu.

Iwo sanafunike kuuzidwa za mitu ndi michira.

"Awa ndi a mvula," anatero. Analoza botolo loyamba. "Awo ndi a pachitsime. Wawatunga kuti?"

"Pampope wa m'kanyumba kochapira."

"Mpope umenewo ndi wa thanki."

"Thanki inang'aluka, Amayi," anatero Delbert, akuyang'ana mbale yake. "Zaka ziwiri zapitazo. Ndinalumikiza mpope kuchitsime."

"Ndinamuuza ndine," anatero Marcella. "Ndinamuuzanso kuti asakuuzeni."

Norma anaimirira n'kuyamba kusonkhanitsa mafoloko, ngakhale ena anali asanagwiritsidwe ntchito.

Marcella anali atakonzekera kukalipiridwa. Ankakufuna n'kukufuna. Koma mayi ake anangokhala, botolo lili pamiyendo.

"Ndinaganizapo," anatero pang'onopang'ono. "Mwezi woyamba womwe uja. Ndinati, madzi awa akuchita ngati a pachitsime. Ndinatuluka, ndinaona paipi ya padenga ikulowa pansi monga mwa masiku onse. Mvula ikagwa ndinkamva madzi akuthira m'thanki. Ndiye ndinati, Vlasta, taona, wayamba kunamizira madzi. Amayi anga nawonso anayamba choncho, kunamizira mbaula, kunamizira singano." Anatembenukira kwa Delbert. "Ukanangondiuza, mwana iwe. Ndikanathira soda wochapira m'mgolo, laimu n'kukhala pansi, ine n'kutunga a pamwamba. Agogo ako ankatero chaka cha chilala. Ndi ntchito ya usiku umodzi."

"Sindinadziwe kuti pali kusiyana, Amayi."

"Iwe sunadziwe." Maso awo anapita kwa Marcella. "Nanga iwe, wowerenga mabuku onse? Amene ndinakukwapula chifukwa cha tomato?"

Marcella anayang'ana botolo loyamba lija.

"Ndinakaulula kwa Abambo ansembe," anapitiriza. "Ndinati ndakhala ndikunyada ndi nsalu zija, ndiye Mulungu wandichotsera nzeru za m'manja. Anandipatsa Tikuoneni Mariya atatu." Anaseka kaphwete kamodzi, kosakoma. "Atatu, chifukwa cha paipi ya Delbert."

Delbert anapukuta nkhope ndi chikhatho. Atayankhula, mawu ake anali a munthu amene wanyamula thumba limene anakana kulinyamula. "Ndiikonza thanki ija. Tikangomaliza kukolola ndiitana womanga. Ngati mukufuna kukhala, Amayi, khalani. Ndikawauza a kumeneko kuti malowo apatse wina."

Marcella anamuyang'ana mlongo wake, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere anachita naye manyazi.

Mayi Vlasta anayendetsa maso m'khitchini: makoma a mabala oyera pamene panali zithunzi, kabati yotsegula, makatoni a Norma. Nkhuku anali atagawa kale. Mphika waukulu wophikira sopo anali atapatsa mdzukulu wa a Soukup, amene anadzalamo maluwa.

"Chaka chatha ndikanakhala," anatero. "Chaka chatha ndinkayenda wapansi mpaka kubokosi la makalata, ndinkapita ku Misa, ndinali ndi anthu. Ndakhala m'nyumba muno chaka chathunthu ndikubisala ngati wakuba, ndipo miyendo imene ndinkanamizira ija yamva, yayamba kuchitadi. Masitepe apansi paja dzulo ndinatsika chifukwa unalipo iwe." Anayang'ana Marcella. "Iwe ukhala?"

M'njira yonse ya basi Marcella anali akulira dziko limeneli mumtima, holo yake, sukulu yake, mizati yake. Akanatha kulemba buku lonse la mmene anthu analiwonongera. Tsopano analingalira nyengo yozizira m'nyumba ija, mphepo ikulira m'mawaya, tauni yopanda sitolo ya mabuku, Leona Pasek Lamlungu lililonse. Anatsegula pakamwa.

"Ntchito yanga, Amayi..."

"Ndangofunsa," anatero mayi ake mofatsa. "Norma, mwana wanga, siya mafoloko amenewo. M'ndowa muja mwatsala madzi angati?"

Anali okwana beseni limodzi. Marcella anawatenthetsa m'poto watsopano, osati mumphika wamkuwa uja, ndipo anatulutsa mpando pakhonde. Mayi ake anaweramira kumbuyo, thaulo lili pamapewa. Poyamba Norma anawatsuka tsitsi ndi vinyo wosasa wosungunula m'madzi, kuti phula la zaka ziwiri lilekerere. Kenako Marcella anapaka sopo ndi madzi a mvula. Thovu linatuluka pakati pa zala zake, linatsikira m'zigongono. Pansi pa zala zakezo chigaza cha mayi ake chinali chaching'ono kuposa mmene ankaganizira.

"Usakande ngati ukutsuka nkhumba."

"Pepani."

"Kuseri kwa makutu. Ukudziwa, sopo wa chaka chatha uja ndiye wabwino kuposa yense amene ndinaphikapo. Ndinali nditasefa mafuta kawiri."

Tsitsi litauma padzuwa linali loyera, lopepuka, likuuluka ndi mphepo. Mayi Vlasta anapempha galasi, anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako analibweza.

Loweruka kunacha ndi mitambo yakuda. Delbert ankatukwana chapansipansi chifukwa cha tirigu wotsala m'munda. Anakweza mpando wogwedera, sutikesi ndi chithunzi cha ukwati kumbuyo kwa pikiapu, naphimba ndi lona. Mayi Vlasta anatuluka atavala diresi la ku Misa, limene Norma analipititsa kawiri m'makina ake, ndipo iwo sanafunse kuti wachapa ndi chiyani. M'manja anali ndi kathumba ka pepala. Anakapereka kwa Marcella. Munali zidutswa zinayi za sopo.

"Kwanu kuja madzi ndi ofewa, unatero. Tenga. Kumene ndikupitako amachapa ndi ufa."

"Mawa ndipita kutchalitchi ndisanakwere basi," anatero Marcella. "Ndikawauza onse. Leona, Abambo, bungwe lonse. Ndikawauza kuti sinali nkhani ya mutu wanu."

"Ukawauze ngati ukufuna. Akakuyankha kuti pepani, kenako akakufunsa za mwamuna wa ndevu uja."

Mvula inayamba akukwera galimoto, madontho akuluakulu oyamba, kenako yonse pamodzi. Marcella anakhala pakati, mayi ake kuwindo. Delbert analiza injini, koma Mayi Vlasta anakweza dzanja.

"Tazimitsa kaye."

Anazimitsa. Mayi Vlasta anatsitsa galasi pang'ono. Kupyola phokoso la padenga la galimoto ankamva bwinobwino: madzi akusonkhana m'ngalande za padenga la nyumba, akutsika m'paipi, akugwera m'thanki ndi mkokomo wa chinthu chopanda kanthu m'kati. Pofika mawa adzakhala atathawira mumng'alu, kulowa m'miyala ya laimu.

"Madzi abwino onsewo," anatero Mayi Vlasta. Anakweza galasi. "Tiyeni."